Uthenga wa Pamwezi Wopita kwa Bambo Okhala Okha ku Mapiri a Angonia

Boma la Angonia, lomwe lili kumpoto chakum'mawa kwa chigawo cha Tete m'dziko la Mozambique, ndi dera lokwera ndiponso lozizira, la mvula yokwanira ndi nthaka yabwino, moti limadziwika ndi chimanga, nyemba, mbatatesi ndi fodya, koma chonde chimenechi sichinaletse ana a m'derali kuchoka kukafuna ndalama kutali kwa zaka zoposa 100 tsopano. Kuchoka kumeneku ndi kumene kunabala mwambo woti mwana wamkulu, amene ali pantchito ku Tete, ku Moatize, ku Beira, ku Lilongwe kapena ku Joni, azitumiza mawu ndi kangachepe kwa bambo ake okalamba mwezi uliwonse ukamatha. Mwambowu umaoneka ngati nkhani ya anthu awiri, wotumiza ndi wolandira, komabe mbiri yake imasonyeza kuti chiyambire pakhala pali munthu wachitatu wonyamula, wowerenga kapena wotapa ndalama, ndipo munthu ameneyu, osati mawu a mu uthengawo, ndi amene wakhala akudziwitsa mwana za mmene bambo ake alilidi.

Kuti bambo wokalamba apezeke akukhala yekha m'dera lodzaza anthu chotere, chifukwa chake chagona pa malamulo a ukwati. Eni nthaka akale, Achewa, ankatsata chikamwini, chomwe ndi ukwati woti mwamuna amakamanga nyumba kumudzi kwa mkazi, ndipo ana amakhala a mbumba ya mayi awo, pansi pa ulamuliro wa malume. Angoni a kwa Maseko, amene anakhazikika mozungulira phiri la Domwe cha m'ma 1870 motsogozedwa ndi Chidyaonga ndipo kenako Chikuse, anabwera ndi chitengwa, ukwati woti mkazi ndiye amatengedwa kupita kwa mwamuna, ndipo ana amawerengedwa kuchimuna. Miyambo iwiriyi inasakanikirana kwambiri, moti m'mudzi umodzi mumatha kupezeka mabanja a mitundu yonse iwiri, koma pa nkhani ya ukalamba zotsatira zake n'zosiyana. Mwamuna wa chitengwa mkazi wake akamwalira amatsala pa nthaka ya makolo ake, pakati pa ana ake aamuna ngati sanachoke, pamene mkamwini amayembekezereka kusudzulidwa, kutanthauza kumasulidwa mwamwambo ndi akuchikazi kuti abwerere kwawo. Munthu amene wakhala zaka 40 kapena 50 kumudzi kwa mkazi akabwerera kwawo amakapeza alongo ake anamwalira ndipo minda ili m'manja mwa adzukulu osamudziwa bwino, ndipo akapempha kutsala, amatsala mwa chifundo cha eni mudzi, pa munda umene si wake. Mwambi woti mako ndi mako angachepe mwendo ulibe mnzake wodziwika chimodzimodzi wonena za bambo, ndipo zimenezi si zangozi: pa chikamwini udindo woyamba wa mwana unali kwa mayi ndi kwa malume.

Palinso malire a ulemu amene amachititsa kuti bambo akhale yekha ngakhale abale ali pafupi. Mpongozi, yemwe ndi mkazi wa mwana wawo, amatha kuwaphikira ndi kuwatumizira nsima, koma sakhala nawo pansi kucheza momasuka, salowa kuchipinda kwawo, ndipo sangawasambitse akadwala. Mwana wamkazi wotha msinkhu nayenso salowa kumene bambo ake amagona pokhapokha zinthu zitafika poipa. Wotsala ndi mdzukulu, chifukwa pakati pa agogo ndi mdzukulu mwambo umalola nthabwala, kufunsana mafunso ndi kulowerana m'nyumba. N'chifukwa chake m'mibadwo yonse ya uthenga umenewu, kuyambira pa kalata mpaka pa foni, amene amapezeka pakati kawirikawiri ndi mnyamata wa sukulu amene amagona m'nyumba ya agogo ake kapena pafupi nayo.

Kuchoka kwa ana kunayamba ndi malire komanso msonkho. Pangano la pakati pa Britain ndi Portugal la pa 11 Juni 1891 linadula dziko la Amaseko pawiri, mbali ina n'kukhala Dedza ndi Ntcheu, ina n'kukhala Angonia, ndipo mpaka lero pamtunda wautali wa msewu wochokera ku Dedza kudzera pa Lizulu kukafika ku Biriwiri, mbali imodzi ndi Malawi, inayo ndi Mozambique. Apwitikizi atakhazikitsa ulamuliro wawo anaika msonkho wolipidwa ndi ndalama chaka chilichonse, ndipo wolephera ankagwidwa ndi asipayi, omwe anali apolisi achikuda a boma, n'kutumizidwa ku chibalo, ntchito yokakamiza ya malipiro ochepa ya m'misewu kapena ya m'minda ya nzimbe ya kumunsi kwa Zambezi. Amuna ambiri anaona kuti kunali bwino kudzipitira okha ku Southern Rhodesia, kumene migodi ndi minda ya azungu inkalipira koposa, ndipo mu 1913 maboma awiriwo anachita pangano lolola bungwe lolemba anthu ntchito la ku Rhodesia kutenga anthu osapitirira 15,000 m'chigawo cha Tete. Ena ankangodutsa malire n'kukadzitchula anthu a ku Nyasaland, zomwe zinali zosavuta popeza chinenero ndi mifunda zinali zimodzi, kuti alembedwe ndi Wenela, bungwe lotengera anthu ku migodi ya golide ya ku Joni.

M'zaka zoyambirirazo uthenga sunali wa pamwezi ayi. Mwezi wa wantchito unali tikiti, kapepala kamene kapitawo ankachonga tsiku lililonse limene munthu wagwira ntchito, ndipo malipiro ankatuluka masiku 30 akakwana, zomwe zinkatenga milungu isanu kapena kuposa, chifukwa Lamulungu ndi masiku odwala sankawerengedwa. Ndalamazo zinali zochepa ndipo njira inali yaitali, ya milungu ingapo pansi, kuwoloka Zambezi pa Tete ndi bwato n'kukwera mapiri kubwerera kumudzi, choncho munthu ankasunga kwa miyezi yambiri n'kudikira mnzake wa kumudzi amene akubwerera. Nthawi imene ndalama zinkafunika kwambiri inali ya msonkho, kotero kuti uthenga woyambirira unkafika kamodzi kapena kawiri pachaka, uli ndi ndalama zomangidwa pa kansalu, bulangete la nyengo yozizira, nthawi zina jekete, ndi mawu apakamwa. Wonyamulayo ankakhala pakhonde, anthu atasonkhana, n'kupereka katunduyo pamaso pa mboni, ndipo akamabwerera kuntchito ankanyamula zambiri zoposa yankho la bambowo, chifukwa anali ataona ndi maso ngati denga likudontha, ngati nkhokwe ili ndi chimanga, ndiponso ngati mkuluyo akuyendera ndodo. Magalimoto a Ulere, amene boma la Southern Rhodesia linayambitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kuti azinyamula ofuna ntchito mosalipiritsa, anafupikitsa ulendowu, ndipo onyamula mauthenga anachuluka.

Kalata inafika limodzi ndi mishoni. Ajezwiti anatsegula mishoni ya Lifidzi kumapeto kwa zaka khumi zoyambirira za m'ma 1900 ndipo pambuyo pake ya Fonte Boa mu 1945, pamene mpingo wa Dutch Reformed unatsegula Mphatso mu 1909, koma Apwitikizi anautsekera ntchito mu 1922, Akhristu ake n'kumawoloka malire kukapemphera ku mbali ya Nyasaland. Kuyambira pa pangano la boma la Portugal ndi Mpingo wa Katolika la mu 1940, sukulu za ana achikuda zinaperekedwa m'manja mwa mishoni za Katolika ndipo zinkayenera kuphunzitsa m'Chipwitikizi, chinenero chimene bambo wa kumudzi sankachimva. Kulemba Chinyanja anthu ankakuphunzirira pa katekisimu, pa Buku Lopatulika limene linatuluka lathunthu mu 1922, m'sukulu za tsidya lina la malire, kapenanso m'komboni ya pa mgodi. Zotsatira zake zinali zakuti nthawi zambiri kalata inkadutsa m'manja anayi: mwana ankauza mnzake wodziwa kulemba, kalatayo inkafikira pa adiresi ya mishoni, ya sitolo kapena ya m'bale wa ku Dedza kapena ku Ntcheu, wina ankaitenga kupita nayo kumudzi, ndipo mphunzitsi, katekisiti kapena mdzukulu ankaiwerenga mokweza.

Popeza kalata inkamveka ndi anthu ambiri, inali ndi kalembedwe kake kosasinthasintha. Inkayamba ndi mawu monga akuti, "Okondeka bambo, poyamba ndifuna kumva za moyo wanu, ine kuno ndili bwino, kaya inu kumeneko," kenako moni kwa anthu m'ndondomeko ya ukulu wawo, kuyambira kwa anyakwawa, omwe ndi mfumu ya mudzi, mpaka kwa ana, chifukwa kuiwala dzina la munthu amene wakhala pomwepo akumvetsera kunali kumunyoza. Pambuyo pake pankabwera chiganizo chofunika koposa, chotchula ndalama ndi dzina la wonyamula, monga chakuti, "Ndapatsira a Banda mapaundi awiri, imodzi mukhomere msonkho, inayo mugule mchere ndi nsalu," ndipo kalatayo inkatha ndi mawu akuti, "Ndatha ine mwana wanu." Chiganizo cha ndalamacho chinali ngati lisiti, popeza wonyamula sakanatha kudyako pamene kuchuluka kwake kwawerengedwa pagulu, ndipo ochenjera ankatumiza kalata ndi munthu wina, ndalama ndi wina. Koma kuwerengera pagulu kunali ndi mtengo wake. Nkhani ya matenda amanyazi, ya mkangano wa munda ndi akuchikazi, kapena ya kukayikirana za ufiti sinkalembedwa, ndipo bambo poyankha ankalankhula ngati munthu amene ali pabwalo, osadandaula za njala pamaso pa anthu amene anayenera kumudyetsa. Apa ndi pamene panakhazikika chizolowezi chimene chilipobe, choti yankho la bambo limakhala lakuti ali bwino nthawi zonse.

Kalata inabweretsanso njira yatsopano yoyezera mwana. Amene wasiya kulemba ndi kutumiza kwa zaka zambiri ankatchedwa mtchona, ndipo kuchuluka kwa matchona kunadetsa nkhawa ngakhale boma la Nyasaland, lomwe komiti yake yofufuza za anthu opita kunja inatulutsa lipoti lodandaula za midzi yopanda amuna pakati pa zaka za m'ma 1930. Mapangano amene anatsatira anakhazikitsa lamulo losunga gawo la malipiro kuti munthu akalilandirire kwawo, ndi lina lotumiza gawo kwa banja lake. Komabe pa mapepala amenewa dzina lolembedwa nthawi zambiri linali la mkazi kapena la mayi, ndipo bambo amene anasudzulidwa n'kubwerera kwawo ankadalira kuti mwanayo awakumbukire payekha. Njira ya ku Joni kudzera ku Malawi inaduka mwadzidzidzi mu Epulo 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha anthu 74 a ku Malawi, Dr Banda n'kuletsa kulemba anthu ntchito za kumigodi, ndipo ngakhale inatsegulidwanso mu 1977, sinabwererenso pa kukula kwake kwakale.

Ufulu wa Mozambique wa pa 25 Juni 1975 unachititsa kuti ana ambiri a ku Angonia alowe ntchito za boma monga uphunzitsi, unamwino ndi usilikali, ntchito zolipidwa pa mwezi wa pa kalendala, ndipo uthenga wa pamwezi weniweni unayambira pamenepa, koma sunakhalitse. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo inafika m'derali pakati pa zaka za m'ma 1980. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri achijezwiti, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Alves Moreira, anaphedwa ku Chapotera pafupi ndi Lifidzi, ndipo pofika mu 1986 midzi yambiri inali itasamukira ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene othawa ambiri anakhala m'midzi ya m'malire pakati pa abale awo, osati m'misasa yotchingidwa. Positi inaima, misewu inatchedwa mabomba, ndipo mwana amene anali ku Beira kapena ku Maputo ankatha zaka osadziwa ngati bambo ake ali moyo. Amene anakana kuthawa kawirikawiri anali okalamba, ena chifukwa cha miyendo, ena chifukwa chosafuna kusiya manda ndi ziweto. Mawu ankayenda kudzera mwa anthu olowa usiku kukakolola m'minda yawo yakale, mwa ansembe, m'mapepala a Red Cross amene ankalembedwa osamata ndipo ankaloledwa kunena za banja zokha, komanso pa mauthenga achisoni a pa wailesi ya MBC, imene imamveka bwino ku Angonia konse. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera mwaunyinji mu 1993 ndi 1994, koma ana ambiri amene anaphunzira kapena kukwatira ku Malawi anatsala komweko, ndipo Harri Englund, amene anafufuza za moyo wa m'malire a Dedza ndi Angonia m'zaka zimenezo, anasonyeza m'buku lake la mu 2002 kuti kubwerera kunadzutsanso mikangano ya ubale, ya minda ndi ya ufumu. Mabanja ambiri a lero okhala ndi bambo ku Domwe, mwana wina ku Tete ndi wina ku Lilongwe, anagawanika nthawi imeneyi.

Kwa zaka pafupifupi 15 nkhondo itatha, envelopu inkayenda ndi oyendetsa mashapa, omwe ndi maminibasi, ndi ogula mbatatesi obwera ndi malole, ndipo ankaisiya pa sitolo yodziwika ku Ulongwe kapena pa msika wa Domwe. Ndalama zake zinkakhala za mitundu iwiri, popeza m'midzi ya m'malire anthu ankagula ndi kugulitsa ndi makwacha monga momwe ankachitira ndi metikali, ndalama imene inalowa m'malo mwa eskudo mu 1980 ndipo inachotsedwa maziro atatu mu 2006. Foni za m'manja zinayamba ndi mCel mu 1997 ndi Vodacom mu 2003, koma zinafika kwenikweni kumidzi Movitel itayamba mu 2012, ndipo asanafike amenewa, ambiri a m'malire ankagwiritsa ntchito manambala a ku Malawi. Ndalama za pa foni zinatsatira: mKesh mu 2011, M-Pesa mu 2013, kenako e-Mola. Pamene boma linkathetsa kampani ya positi ya Correios de Moçambique mu 2021, kalata ya kwa bambo inali itasowa kale.

Mmene mwambowu ukuyendera lero zingaoneke bwino pa chitsanzo chongoyerekeza, cha bambo a zaka 78 a mfunda wa Phiri, amene anatsala kumudzi kwa malemu akazi awo m'dera la Domwe, ndipo mwana wawo wamkazi ndi mphunzitsi mumzinda wa Tete. Malipiro akalowa kubanki kumapeto kwa mwezi, mphunzitsiyo amasamutsira ndalama pa foni yake, amaimba *898# ngati akutumiza pa e-Mola kapena *150# ngati ndi pa M-Pesa, n'kutumiza mametikali 2,000 kuwonjezerapo kangachepe kolipirira potapa, chifukwa akapanda kutero ndalama yofika m'manja imakhala yoperewera ndipo mdzukulu ndi amene amayamba kukayikiridwa. Nambala imene amatumizako si ya bambo ake. Lamulo limafuna kuti khadi ya foni ilembetsedwe ndi chitupa, ndipo okalamba ambiri amene mapepala awo anatayika pa nkhondo, kapena amene maso awo saonanso zilembo, amagwiritsa ntchito khadi ya mdzukulu, amenenso amasunga nambala yachinsinsi. Mdzukuluyo amapalasa njinga kupita kwa ajenti, munthu wa pa msika amene amasintha ndalama za pa foni kukhala za m'manja, ndipo ngati si tsiku la msika kapena si nyengo yogulitsa mbewu, amatha kupeza ajentiyo alibe ndalama zokwanira, n'kutapa theka kapena kubwerera chimanjamanja.

Madzulo ake mwana amaimba, mdzukulu n'kupereka foni kwa agogo ake. Kukambiranako kumatsata ndondomeko ya kalata yakale ija pafupifupi ndendende. "Mwaswera bwanji, bambo?" "Taswera, Naphiri, kaya kumeneko ndi ana?" Kenako pamabwera moni wa anthu, za mvula, za maliro a m'mudzi, ndipo pomaliza, "Ndatumiza pang'ono, zikwi ziwiri, mwaziona?" Kutchula kuchuluka kwa ndalama m'khutu la bambo eni ake ndi ntchito yomwe ija ya chiganizo cha lisiti. Chimene chasintha n'chakuti pakhonde palibenso gulu lomvetsera, ndipo palibe munthu amene abwerere ku Tete ataona nyumbayo ndi maso. Funso loti ali bwanji silingatulutse kanthu, chifukwa bambo a msinkhu umenewu sangauze mwana wawo wamkazi kuti agona ndi njala kapena kuti akuvutika pokodza, ndipo mwanayo sangawapanikize ndi mafunso popanda kuoneka wamwano. Ana odziwa amafunsa za zinthu, osati za thupi. Amafunsa amene wapita kuchigayo sabata imeneyo ndi malata angati amene wagayitsa, amene watunga madzi, ndiwo zimene adyera nsima dzulo, ngati anafika kutchalitchi Lamulungu ndiponso amene analalikira. Bambo amene miyezi iwiri yotsatizana sakudziwa za kutchalitchi kapena za maliro a m'mudzi woyandikana nawo ndiye kuti asiya kuyenda, ndipo akamatchula ndiwo zomwezomwezo kapena kunena kuti sakumva njala masiku ano, kawirikawiri ndiye kuti wophika uja wasiya kubwera.

Vuto lachiwiri ndi lakuti mwezi ndi muyeso wa wolandira malipiro, pamene zosowa za mlimi wokalamba zimayenda ndi nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Sepitembala, chimanga chili m'nkhokwe, mametikali 2,000 amaposa zofunika za tsiku ndi tsiku monga chigayo, mchere, sopo ndi mafuta, kupatula nkhuni ndi chofunda za m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, imene kumapiri kuno imavutitsa okalamba kwambiri. Koma mu Okutobala thumba limodzi la feteleza la makilogalamu 50 limadya zoposa ndalama ya mwezi wonse, mu Disembala ndi Januwale pamafunika aganyu opalira ndi kubandira, ndipo mu Febuluwale nkhokwe imakhala itatha pamene chimanga chakwera mtengo. Ndalama yofanana mwezi ndi mwezi imatsala pa nthawi ya zokolola, n'kubwerekedwa ndi abale amene sabweza, kenako imaperewera pa nthawi ya dzinja. Mphunzitsi wa m'chitsanzochi akamatumiza 1,500 m'miyezi isanu ya Meyi mpaka Sepitembala, n'kusunga 500 mwezi uliwonse, amakhala ndi 2,500 yowonjezera pa ndalama ya Okutobala, ndipo ambiri amasankha kulipira wogulitsa feteleza mwachindunji kuti kumudzi kufike thumba, osati ndalama. Amapatulanso gawo la mayi woyandikana nawo amene amaphika ndi kuchapa, n'kumutumizira pa nambala yake, ngakhale kuti zimenezi ziyenera kuchitika mosamala, chifukwa akuchikazi amene ankathandiza mkuluyo mwa ubale akamva kuti wina akulipidwa amatha kunena kuti tsopano ali ndi wantchito, iwo n'kusiya.

Zolakwika zina zimachokera pa njira yeniyeniyo. Mauthenga achinyengo onena kuti ndalama ija itumizidwe pa nambala ina ndi ofala m'Mozambique monse, ndipo amagwira mosavuta mwana amene anazolowera kuti bambo ake amabwereka mafoni a anthu. Chotchinga chake ndi kuwerenga dzina limene limaoneka pa foni asanatsimikize kutumiza, ndi kusatumiza pa nambala yachilendo asanamve mawu a munthu wodziwika. Khadi imene yakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito imatsekedwa, ndipo m'midzi ya m'malire foni imatha kugwira netiweki ya ku Malawi, kuimba n'kukhala kodula kapena kosatheka. Mwana amene ali ku Lilongwe ali ndi vuto lake, loti amalandira makwacha, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomweyo inayamba kugula mametikali ochepa kwa osintha ndalama a pa Kalomwe ndi pa Biriwiri, bambo n'kumaganiza kuti mwana wachepetsa dala. Choopsa koposa ndi kukayikirana. Mkulu wokhala yekha, wa maso ofiira ndi utsi, amene amalankhula yekha chifukwa cha kuiwala kwa ukalamba, ndi amene amayamba kulozedwa chala mwana akadwala m'mudzi, ndipo zimachitika kuti mwana wake weniweni, atauzidwa kuti mavuto ake a kuntchito akuchokera kumudzi, amadula uthenga. Kwa mkamwini wotsala pa nthaka ya eni, kudukako kumamveka m'mudzi monse, popeza foni ya pamwezi inali umboni woti munthuyo ali ndi eni ake amene angafunse.

Boma nalo lili ndi uthenga wake wa pamwezi, ngakhale sufika pamwezi. Bungwe la INAS, loona za chisamaliro cha anthu, limapereka thandizo la ndalama kwa okalamba osauka a zaka 60 kupita m'tsogolo, ndipo mu 2018 boma linakhazikitsa kuti munthu wokhala yekha azilandira mametikali 540 pamwezi, koma ndalamazi zimabwera mophatikiza miyezi ingapo ndipo nthawi zina zimachedwa kwambiri. Olembetsa ndi kuitana anthu pa tsiku lolandira ndi anthu a m'mudzi momwemo osankhidwa kuti azithandiza bungweli, ndipo popeza thandizoli ndi la osowa wowathandiza, mbiri yoti mkulu wina ali ndi mwana wapantchito imatha kumulepheretsa kulembedwa, ngakhale mwanayo atakhala kuti anasiya kutumiza kalekale. Lamulo la banja la dziko la Mozambique limaika pa ana udindo wosamalira makolo osowa, ndipo lamulo la nambala 3 la mu 2014 limateteza ufulu wa okalamba, koma bambo wa ku Angonia wokasumira mwana wake kukhoti sapezekapezeka. Nkhani yotere imapita kwa ankhoswe, kwa anyakwawa kapena kwa akulu a mpingo, ndipo chimene iwo amachita ndi kufufuza nambala ya mwanayo, kumuimbira, ndi kumuuza kuti abwere adzaone yekha mvula isanayambe.